Nkhani ya wopita ku Joni ikamafooka pakati: kukonza vuto la wofotokoza

Nkhani zambiri zimene alembi atsopano a mu Mzuzu amalemba zokhudza munthu amene anapita kukagwira ntchito kunja zimayamba bwino, koma zimadzafooka pamalo amodzimodzi. Masamba oyambirira amakhala amoyo, chifukwa mwiniwake wa ulendo ndiye akufotokoza m'mawu a "ine": kutsanzikana ndi abale pa depoti, msewu wodutsa m'Chikangawa kulowera ku Lilongwe, chipata cha Dedza, kutentha kwa ku Tete, Nyamapanda, ndi mzere wautali wa pa Beitbridge pamene aliyense wagwiritsa pasipoti yake. Vuto limabuka pamene chinthu chachikulu chachitika kwawo, kumene wofotokozayo kulibe. Pamenepo mlembi amayamba kumupatsa maso amene alibe, kapena amadzaza masamba ndi mafoni aataliatali, kapenanso amamusiya mwakachetechete n'kuyamba kufotokoza ngati munthu wodziwa za m'mitima ya anthu onse. Owerenga sangathe kutchula chimene chalakwika, koma amangomva kuti nkhani yatha mphamvu.

Alembi ambiri akaona izi amathamangira kukonza ziganizo kapena kuonjezera zochitika zina, monga ngozi kapena chibwenzi chatsopano, koma matenda amakhala ali kwina. Nkhani ya munthu wogwira ntchito kunja imakhazikika pa kusiyana kwa zimene wopitayo akudziwa ndi zimene otsala akudziwa. Wofotokoza amene anasankhidwa chifukwa chongomumvera chisoni, kapena chifukwa choti ndiye anayamba kubwera m'maganizo a mlembi, kawirikawiri amapezeka ataima pamalo pamene sangaone chimene nkhani ikufuna kuti chioneke. Choncho funso loyenera kuyambira si lakuti nkhaniyi ndi ya ndani, koma lakuti ndani sakudziwa chiyani, ndipo wowerenga ayenera kudziwa chinthucho pa tsamba liti.

Nkhani yoyeserapo

Tiyeni titenge nkhani yopeka imodzi kuti zonse tiziyeze pa iyo. Yotamu ndi bambo wa ku Mchengautuwa amene akugwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Johannesburg, ndipo amagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana ake. Analowa m'dziko la South Africa ndi masiku 30 amene Amalawi amapatsidwa pa chipata, ndipo masikuwo anatha kalekale. Mkazi wake, NyaGondwe, amagulitsa tomato mu msika wa Mzuzu, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Wezi, wa zaka 12. Mwezi uliwonse Yotamu amatumiza ndalama kwa mkulu wake Kondwani, amene anamusiyira udindo woyang'anira nyumba imene akumanga pa puloti ina ku Zolozolo.

Tsopano tiike zinsinsi m'miyezi yake, chifukwa mlembi amene sanachite zimenezi papepala ndiye amene amasochera. Mu Malichi Kondwani atenga ndalama za simenti n'kubwezera ngongole ya katapila. Mu Meyi ajambula nyumba ya munthu wina imene yafika pa mazenera n'kutumiza chithunzicho kwa mng'ono wake pa WhatsApp. Mu Juni NyaGondwe apita yekha ku puloti n'kupeza maziko okhaokha atamera udzu, koma sauza mwamuna wake, chifukwa apongozi amuchenjeza kuti asadanitse ana a mimba imodzi. Mu Julayi abwana a Yotamu agulitsa nyumba n'kusamuka, ntchito n'kutha, koma iye sauza aliyense kwawo ndipo akongola kwa anzake kuti atumizebe ndalama. Mu Seputembala agwidwa chifukwa cha mapepala n'kusungidwa ku Lindela, malo a ku Krugersdorp osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, ndipo mu Novembala afika ku Mzuzu ndi kachikwama kamodzi.

Mukayang'anitsitsa muona kuti palibe munthu mmodzi amene akudziwa zonse mpaka mwezi womalizawo. Yotamu akudziwa za ntchito koma sakudziwa za nyumba, NyaGondwe akudziwa za nyumba koma sakudziwa za ntchito, ndipo Kondwani akudziwa za chinyengo chake koma sakudziwa kuti ndalama zimene akudya tsopano ndi zangongole. Mndandanda umenewu wa miyezi ndi zinsinsi ndicho chida chachikulu chopezera pamene nkhani yalakwika.

Zizindikiro zoti vuto lili pa wofotokoza

Chizindikiro choyamba ndi "ine" wodziwa zimene sakanatha kudziwa. Mlembi amalemba kuti, "Ndili mkati mothirira maluwa a abwana, achimwene anali ataima kutsogolo kwa nyumba ya munthu wina ku Zolozolo, manja akunjenjemera, akujambula." Chiganizochi n'chokongola, koma Yotamu wa mu Meyi sangachinene. Njira yochipezera ndi yosavuta ngakhale ndi yotopetsa: tengani cholembera, dulani mzere pansi pa chiganizo chilichonse chonena za kumudzi, ndipo m'mphepete mwa tsamba lembani njira imene wofotokozayo anadziwira, kaya anaona, anamva pa foni, anauzidwa ndi munthu wobwera pa basi, kapena akungoganizira. Pamene mwasowa cholemba m'mphepetemo, pamenepo ndiye pabowoka. Chichewa chili ndi mawu othandiza kutseka mabowo ang'onoang'ono, monga "akuti", "ndinadzamva pambuyo pake kuti" ndi "mwina", koma mukapeza kuti mukuwalemba kasanu pa tsamba limodzi, dziwani kuti zochitika zenizeni za nkhani yanu zili kumene wofotokoza wanu kulibe, ndipo ndi iyeyo amene ayenera kusinthidwa.

Chizindikiro chachiwiri ndi foni imene yasanduka ngolo yonyamulira nkhani. Pofuna kuti wowerenga adziwe za kumudzi, mlembi amamuimbitsa NyaGondwe foni n'kumuyankhulitsa masamba atatu, akulongosola zinthu zimene mwamuna wake akuzidziwa kale, monga dzina la sukulu ya mwana wawo kapena malo pamene pali puloti yawo. Anthu enieni sayankhula chotero. Amafunsana za moyo, za mwana, za mtengo wa chimanga ndi tsiku lotumiza ndalama, ndipo zolemera zenizeni amazizemba. Choipa kwambiri n'chakuti foni yotereyi imapha chinsinsi chimene chimagwira nkhani, pakuti ngati NyaGondwe wanena zonse mu Juni, miyezi yotsatirayo ilibe chogwira mtima. Foni m'nkhani yotere imagwira ntchito bwino pamene wowerenga akumva chimene sichikunenedwa.

Chizindikiro chachitatu n'chobisika kwambiri, ndipo chimavuta m'Chichewa kuposa momwe alembi amaganizira. Mlembi amene watopa ndi "ine" amasinthira ku "iye", koma sasankha mutu umodzi wolowamo, kotero kuti m'ndime imodzi timamva mantha a NyaGondwe, manyazi a Kondwani ndi maganizo a apongozi. Popeza mawu ngati "anaganiza" kapena "anaopa" amaimira mwamuna, mkazi, anthu ambiri kapena munthu mmodzi wolemekezedwa, kudumpha kuchoka m'mutu wina kupita m'mutu wina sikuoneka msanga, ngakhale kwa mlembi mwiniwake. Poyesera pake pabwino ndi pa mayina. Munthu yemweyo ndi "achimwene" kwa Yotamu, "alamu" kwa NyaGondwe, "abambo aakulu" kwa Wezi, ndipo ndi "Kondwani" kwa amayi ake okha ndi kwa wofotokoza woima patali. Ngati m'chochitika chimodzi mwamutcha "alamu" pamwamba pa tsamba ndi "mkulu wake" pansi pake, ndiye kuti maso asintha mwini popanda inu kudziwa. Werengani mutu uliwonse mukungoyang'ana momwe anthu akutchulidwira, ndipo mudzapeza malo onse amene munadumpha.

Kuyesa ofotokoza osiyana pa chochitika chimodzi

Musasankhe wofotokoza poganizira nkhani yonse nthawi imodzi. Sankhani chochitika chimene nkhani singakhale popanda icho, n'kuchilemba katatu kapena kanayi, theka la tsamba ulendo uliwonse. M'nkhani yathu chochitikacho ndi foni ya Lamulungu lina mu Julayi, pamene mkazi akudziwa za maziko, mwamuna akudziwa za kutha kwa ntchito, ndipo aliyense akubisira mnzake.

Tikamupatsa Yotamu mawu a "ine", zimatuluka motere: "Ndinaimba nditakhala pa chidebe m'chipinda cha mnzanga amene anandisunga, nditafunda bulangete chifukwa cha chisanu. 'Abwana ali bwanji?' anafunsa mayi a Wezi. Ndinati ali bwino. Nditafunsa za malata, anakhala chete, kenako anati ndifunse alamu awo. Ndinaganiza kuti mwina netiweki ndiyo inadula." Apa wowerenga ali m'chipinda ndi Yotamu, akumva kuzizira kwa Julayi wa ku Joni, ndipo akudziwa bodza la mwamunayo. Za nyumba sakuzidziwa, koma chete wa mkaziyo wamupatsa chikayikiro chimene Yotamu alibe. Wofotokoza uyu ndi woyenera ngati cholinga chanu n'chakuti wowerenga adzaone maziko aja nthawi imodzi ndi Yotamu mu Novembala. Mtengo wake ndi wakuti simudzatha kuonetsa NyaGondwe ataima pa puloti mu Juni, ndiponso chithunzi cha mu Meyi muyenera kuchilemba moti mukhale kanthu kosagwirizana, monga mtengo wa mapeyala umene kunalibe pa puloti yake, kuti wowerenga asadzamve kuti mwamunamiza.

Tikasinthira kwa NyaGondwe, koma m'mawu a "iye" otsatira iye yekha, chochitika chomwecho chimakhala china: "Anatuluka panja kuti Wezi asamve. Mawu a bambo a Wezi anamveka ngati a munthu amene ali m'chipinda chodzaza anthu, ndipo kunalibe kuuwa kwa agalu a abwana kumene ankakumva Lamulungu lililonse. Anafuna kufunsa, koma funso la malata linafika iye asanatsegule pakamwa. 'Mufunse alamu,' anatero, akuyang'ana matope a pa silipasi zake." Tsopano wowerenga akudziwa za nyumba, ndipo za ntchito akungozinunkhiza kudzera m'makutu a mkaziyo. Ku Joni kwasanduka malo amene timangowamva pa foni, monga momwe kulili kwa mabanja ambiri a ku Mzimba ndi ku Mzuzu amene ali ndi wina kumeneko. Mwa kuona kwanga, uyu ndiye wofotokoza amene alembi ambiri a kuno ayenera kumuyesa koyamba, ndipo chifukwa chake si chaluso chokha. Mlembi amene sanawolokepo Limpopo amadziwa bwino msika wa Mzuzu, mvula yamawawa ya mu Meyi, mzere wa pamalo olandirira ndalama ndi miseche ya pa mjigo, koma akafuna kulemba Johannesburg kudzera m'maso a munthu wokhala komweko amangotulutsa nyumba zazitali ndi magalimoto ambiri. Wofotokoza wotsala kumudzi amasandutsa kusadziwa kwa mlembi kukhala kusadziwa kwa mpangankhani, ndipo pamenepo kumagwira ntchito m'malo moononga.

Pali chenjezo limodzi pa njira imeneyi. Wotsala kumudzi asangokhala wodikira ndi wolira. Ngati NyaGondwe sapanga chisankho chilichonse, ndiye kuti mwangomuika pa zenera kuti azionera nkhani ya anthu ena. M'chitsanzo chathu ali nacho chosankha, chomwe ndi kuulula kapena kusaulula, ndipo mwezi uliwonse umene wakhala chete ndalama zina zikupita kwa alamu ake. Kulemera kwa chisankho chimenecho ndiko kumamuyenereza kunyamula nkhani.

Wachitatu woyesa ndi Wezi. Mwana amaona zambiri koma samvetsa tanthauzo lake, ndipo zimenezi zimapatsa wowerenga ntchito yolumikiza yekha. Angathe kunena kuti abambo aakulu anagula njinga yamoto sabata yomweyo imene amayi anasiya kutchula za nyumba, popanda iye kuona kugwirizana kwa ziwirizo. Malire ake ndi akuti mwana satengedwa kupita kumene akuluakulu akukambirana milandu ya banja, kotero mlembi amayamba kumuimika kuseri kwa chitseko chilichonse. Kamodzi n'kololeka, koma kachitatu wowerenga amaona dzanja la mlembi.

Kondwani alembi ambiri samuganizira n'komwe, chifukwa amamuona ngati woipa wa m'nkhani, koma ndiye amene angapereke "ine" wamphamvu kwambiri ngati mlembi ali wolimba mtima. Munthu amene akudzilungamitsa, akunena kuti anangobwereka, kuti iye ndiye amene amatengera amayi awo kuchipatala pamene mng'ono wake akudya za azungu, amakakamiza wowerenga kumva mbali imene mabanja ambiri amaidziwa koma saikamba. Wofotokoza wotere sayenera kunama pa zochitika, koma pa matanthauzo ake, ndipo mlembi ayenera kusiya zizindikiro zokwanira kuti wowerenga aone patali kuposa iye.

Nanga wofotokoza wodziwa zonse, amene angalowe ku Joni ndi ku Zolozolo momwe wafunira? Si wolakwika, ndipo ndi wapafupi ndi mawu a wokamba nthano amene tonse tinakula nawo. Amagwira bwino ntchito m'buku lalitali lokhudza mudzi wonse kapena mibadwo ingapo. Koma m'nkhani yaifupi ngati yathuyi amachotsa funso lakuti "kodi chachitika n'chiyani" n'kusiya lakuti "adzadziwa liti", ndipo ngati akudziwa zonse koma akubisira wowerenga za maziko mpaka kumapeto, wowerenga amakwiya chifukwa palibe chimene chinamuletsa kunena. Mukamusankha, muululireni wowerenga zinsinsi zonse msanga, ndipo mphamvu ya nkhani ichokere pa kuona anthu awiri okondana akunamizana.

Akufotokoza ali kuti, ndipo akuuza ndani

Nthawi zina wofotokoza amakhala woyenera koma nkhani imapendamabe, chifukwa mlembi sanasankhe malo ndi nthawi imene "ine" wake waima. Yotamu amene akufotokoza ali ku Lindela mu Okutobala sakudziwa za maziko, choncho angathe kuyankhula za nyumba yake monyada ndi moona mtima, ndipo wowerenga sadzamva kuti wanamizidwa. Yotamu amene akufotokoza patapita zaka zisanu akudziwa zonse kuyambira pa chiganizo choyamba, kotero sangayerekeze kudabwa. Iyeyo ayenera kunena poyera kuti panthawiyo sankadziwa, ndipo mawu ake ayenera kumveka ngati a munthu amene wakhala akuzisinkhasinkha. Cholakwika chofala ndi kusakaniza awiriwa, moti pa tsamba lachiwiri wofotokoza akuti "ndikanadziwa sindikanatumiza" koma pa tsamba lachisanu ndi chinayi akugwa pansi ndi kudabwa ngati sanachenjezepo.

Womvetsera nayenso amalamulira zimene zingafotokozedwe. Ngati Yotamu akuuza mnzake wa ku Mzimba amene akhala naye pa mpando m'basi, sangalongosole kuti Beitbridge n'chiyani kapena kuti munthu amachita bwanji masiku ake akatha, chifukwa onse awiri akuzidziwa. Ngati akuuza Wezi atakula, angathe kulongosola, koma pali zina zimene bambo sangauze mwana wake wamkazi, ndipo kuzemba kwakeko kumakhala mbali ya nkhani. Mukaona wofotokoza wanu akuima n'kuyamba kuphunzitsa ngati mphunzitsi wa jogalafe, funsani kuti akuuza ndani, chifukwa kawirikawiri mudzapeza kuti sakuuza aliyense.

Nyengo ya nkhani ndi zilankhulo

Mtunda wa pakati pa wopita ndi wotsala suli wofanana m'nyengo zonse, ndipo wofotokoza ayenera kugwirizana ndi nyengo imene mwasankha. M'masiku a Wenela, imene inkalemba amuna kukagwira ntchito ku migodi, uthenga unkayenda pa kalata kapena pakamwa pa munthu wobwerera, ndipo banja linkatha miyezi osamva kanthu. Boma la Kamuzu Banda linaimitsa kulembako mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kulemba kunadzayambiranso pansi pa dzina la Teba mpaka kunatha mu 1988. Nkhani ya nyengo imeneyo ili ndi wofotokoza amene nyengo ya mafoni inamuchotsa, yemwe ndi mwana wasukulu kapena mphunzitsi amene ankawerengera anthu makalata ndi kuwalembera mayankho. Munthu wotere amadziwa mbali zonse ziwiri mwanjira yomveka, ndipo angathe kusankha kudumpha chiganizo chopweteka powerenga. Koma mukaika nkhani yanu m'zaka za posachedwapa, simunganene kuti banja silinamve kanthu kwa chaka popanda kupereka chifukwa, pakuti wowerenga akudziwa kuti foni ilipo ndipo ola la ku Joni ndi lomwelo la ku Mzuzu. Lero kusadziwa kumabwera chifukwa anthu akubisa, osati chifukwa uthenga wachedwa, n'chifukwa chake nkhani za nyengo ino zimafuna wofotokoza amene ali mkati mwa bodzalo.

Chilankhulo ndi malire ena amene alembi amawaiwala. Yotamu amene wangofika kumene samva Chizulu kapena Chisutu, ndipo ngati nkhani ili m'maso ake, zimene apolisi kapena oyendetsa matekisi akuyankhulana ziyenera kufika kwa wowerenga monga zinafikira kwa iye, ndiko kuti mawu amodziamodzi, kukweza kwa liwu ndi manja. Mlembi akalemba zokambirana zawo zonse m'Chichewa chomveka bwino, ndiye kuti watuluka m'mutu wa Yotamu. Pakapita miyezi angathe kumva zambiri, ndipo kukula kwa zimene akumvako ndi njira yabwino yoonetsera kuti nthawi yapita popanda kutchula miyezi. Kumbali ya kuno, banja la ku Mzuzu lingathe kumayankhula Chitumbuka pakhomo pamene nkhani yalembedwa m'Chichewa. Sikofunika kumasulira chiganizo chilichonse. Nenani kamodzi kuti apongozi anasinthira ku Chitumbuka, kapena siyani malonje ndi mayina aulemu momwe alili, ndipo musasinthe lamulo limeneli pakati pa nkhani.

Ofotokoza awiri, ndi kakonzedwe ka zimene mwalemba kale

Alembi ena akaona zovuta zonsezi amaganiza zongosinthanitsa, mutu wina Yotamu, mutu wina NyaGondwe. Njirayi imagwira ntchito pokhapokha aliyense ali ndi chinsinsi chake ndi chisankho chake, monga zilili m'chitsanzo chathu, ndipo imayenera nkhani yaitali. M'nkhani yaifupi ya masamba khumi, ofotokoza awiri amapatsana malo ochepa moti palibe amene timamudziwa bwino. Mukasankha awiri, asinthane pa malire a mutu okha, asafotokoze chochitika chimodzi kawiri pokhapokha wachiwiriyo akusintha tanthauzo lake, ndipo mawu awo asiyane. Yesani kuphimba dzina la pamwamba pa mutu n'kupatsa mnzanu ndime imodzi kuti awerenge. Akalephera kudziwa amene akuyankhula, ndiye kuti muli ndi wofotokoza mmodzi wovala mayina awiri.

Ngati nkhani munailemba kale, musayambe ndi kusintha "ndinapita" kukhala "anapita" m'masamba onse, chifukwa kusintha kotere sikusuntha maso a wofotokoza ngakhale pang'ono. Yambani ndi mndandanda wa miyezi ndi zinsinsi, kenako lembani pambali pa chochitika chilichonse dzina la munthu amene analipo. Werengani kuti zochitika zimene zimatembenuza nkhani zili kumbali iti. M'chitsanzo chathu, ngati mwapeza kuti zinayi mwa zisanu ndi chimodzi zikuchitikira ku Zolozolo, mu msika ndi pakhomo pa apongozi, ndiye kuti nkhaniyo ndi ya NyaGondwe ngakhale munaiyamba ndi Yotamu pa basi. Pamenepo masamba a ulendo aja, amene mwina ndiwo munawakonda kwambiri, ayenera kuchoka, ndipo zimene zingapulumuke ndi zokhazo zimene Yotamu akanamuuza mkazi wake pa foni yoyamba atafika: kuti pa Beitbridge anaima usiku wonse, kuti nsapato zinamuthina miyendo itatupa, ndi kuti mnyamata amene analonjeza kudzamulandira pa siteshoni sanabwere mpaka madzulo. Zochitika za ku Joni za mu Julayi ndi Seputembala muzilembenso monga zikufikira ku Mzuzu, ndiko kuti ndalama zimene zachepa, foni imene yasiya kupezeka, ndi uthenga wachidule wochokera pa nambala yachilendo wonena kuti bambo a Wezi agwidwa.